Kukonza Tsiku Lobadwa Lolakwika pa Chitupa

Nkhani ino ndi ya anthu amene ali ndi chitupa chonena tsiku lina, pamene iwo anabadwa tsiku lina. Anthu otere alipo ambiri m'Malawi, m'Zambia ndi m'Zimbabwe, ndipo ochuluka a iwo sadziwa kuti pali cholakwa kufikira tsiku limene apita kukapempha pasipoti, kapena kukatenga ndalama za penshoni, kapena pamene alandira kalata yakuti nthawi yao yopuma pa ntchito yakwana, chikhalirecho zaka zao zisanafike. Pamenepo munthu aima kakasi pa windo la ofesi, nanena kwa mlembi kuti, "Koma tsiku limene ndinabadwa ndilidziwa ndine." Mlembi sakana kuti munthuyo anena zoona, komatu iye alibe mphamvu yosintha cholembedwa chifukwa cha mawu apakamwa okha. Afuna umboni. Tsono nkhani ino ifotokoza umboni umene akuluakulu a kalembera afuna kawirikawiri, chifukwa chake umboni wina ulemera koposa unzake, ndi njira imene munthu ayenera kutsata kuti cholakwacho chikonzedwe.

Kumene cholakwa chichokera

Pa masiku a Atsamunda, lamulo la mu 1904 la ku Nyasalande linakakamiza Azungu ndi Amwenye kulembetsa ana ao obadwa, koma silinakakamize anthu akuda. Chifukwa chake ana ambirimbiri anabadwa ndi kukula popanda dzina lao kulowa m'buku la Boma. M'Malawi lamulo latsopano la kalembera linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunakhala kokakamiza kuyambira mu 2015. Kalembera wamkulu wa chiphaso cha unzika anachitika mu 2017, pamene nthambi ya Boma yotchedwa NRB inalemba anthu oposa 9 miliyoni m'miyezi yowerengeka. Ku Zambia khadi la NRC, limene anthu alitcha reji, linayamba kuperekedwa mu 1965, ndipo lamulo lolembetsa ana onse obadwa linadza mu 1973. M'maiko onse atatu munthu atenga chitupa akakwanitsa zaka 16.

Tsono poona zaka zimenezi chinthu chimodzi chioneka poyera: anthu ambiri achikulire analandira chitupa alibe kalata ya kubadwa. Tsiku limene lili pa chitupa chao silinachoke m'buku lolembedwa iwo ali khanda, koma linachoka pakamwa pao, kapena pakamwa pa mbale wao, kapena m'mutu mwa mlembi amene anayang'ana nkhope nayerekeza zaka. Munthu wosadziwa tsiku ndi mwezi kawirikawiri anamlembera 1 Januwale. Wina anawonjezera zaka kuti alembedwe ntchito msanga, ndipo wina makolo ake anamchepetsera zaka kuti aloledwe ku sukulu.

Zolakwa zina nza dzanja chabe. Pa pepala lolembedwa mofulumira 8 afanana ndi 3, ndipo 1 afanana ndi 7. Ndiponso tsiku ndi mwezi zisinthana malo: wobadwa pa 3 Novembala apezeka kuti anabadwa pa 11 Malichi, pakuti 03/11 wasanduka 11/03. Kusinthana kumeneku kutheka pokhapokha tsiku lobadwa lili pakati pa 1 ndi 12, popeza kulibe mwezi wa 13. Munthu akaona kuti manambala a pa chitupa chake ndi omwewo a tsiku lake lenileni koma atembenuka, adziwe kuti cholakwa chake ncha mtundu umenewu.

Mitundu iwiri ya cholakwa

Mlembi wa kalembera akalandira dandaulo, funso lake loyamba ndi ili: kodi analakwa ndani? Yankho lake ligawa milandu yonse pawiri, ndipo njira zake nzosiyana kutalika.

Mtundu woyamba ndi cholakwa cha ofesi. Munthu analemba tsiku loona pa fomu, koma mlembi pokopera m'buku kapena m'makina analemba lina. Cholakwa chotere sichivuta kukonza, chifukwa umboni wake uli m'manja mwa Boma lomwe. Fomu yoyambayo ikapezeka, mlembi aiika pambali pa chitupa, ndipo kusiyana kwake kuoneka ndi maso. Chifukwa chake chinthu choyamba chimene wodandaula ayenera kupempha ndicho chakuti ayang'ane fomu imene iye anasayina pa tsiku la kalembera.

Mtundu wachiwiri ndi cholakwa cha mwini nkhani. Fomu ndi chitupa zigwirizana, koma zonse ziwiri nzolakwa, chifukwa tsiku limene linanenedwa poyamba silinali loona. Apa mlandu ukula, pakuti munthuyo ali kupempha Boma kuti litaye mawu amene iye mwini anasayinira kapena kudindira chala, ndi kulandira mawu ena atsopano. Mlembi ayenera kufunsa mumtima mwake kuti, nanga mawu oona ndi ati, akale kapena a lero? Iye adziwanso kuti alipo anthu amene afuna kuchepetsa zaka kuti akhalitse pa ntchito, ena kuti alowe usilikali kapena timu ya mpira ya anyamata, ndi enanso amene afuna kuwonjezera zaka kuti alandire penshoni msanga. Munthu woona mtima asakhumudwe akaona kuti ali kufunsidwa mafunso ambiri. Mafunsowo achitika kwa aliyense.

Muyeso wa umboni

Pali muyeso umodzi umene akuluakulu a kalembera ayesera mapepala onse, ndipo munthu akaumvetsa adziwa yekha pepala loyenera kulifunafuna. Muyesowo ndi uwu: pepala lilemera ngati linalembedwa pafupi ndi nthawi ya kubadwa, ndi munthu amene analibe phindu lililonse pa tsikulo, m'buku limene lisungidwa ndi ena osati mwini nkhani. Namwino amene analemba m'buku la chipatala usiku umene mwana anabadwa sanali kuganiza za penshoni ya mwanayo. Mbusa amene anambatiza ali wa miyezi iwiri sanadziwe kuti tsiku lina adzafuna pasipoti. Umboni wao ukhulupirika chifukwa unalembedwa mkangano usanabuke. Koma pepala lolembedwa sabata yatha, mwini nkhani ataimirira pambali nanena zoti zilembedwe, lipepuka ngakhale likhale ndi zidindo zitatu.

Pamwamba pa zonse pali kalata ya kubadwa ya Boma, makamaka imene inalembedwa mwana ali wakhanda. Lamulo la Malawi ndi la Zimbabwe lipereka masabata 6 kuti mwana alembetsedwe, ndipo la Zambia lipereka mwezi umodzi. Kalata yolembedwa m'nthawi imeneyo njovuta kuitsutsa. Koma kalata ya kubadwa imene munthu anatenga ali ndi zaka 40 siilemera chimodzimodzi, pakuti nayonso inachoka pakamwa, ndipo mlembi adzayang'ana tsiku limene inalembedwa asanayang'ane tsiku limene inena.

Chachiwiri ndi zolembedwa za chipatala: buku la m'chipinda cha amayi oyembekezera, kapepala kotsimikiza kubadwa kamene chipatala chipereka, ndi khadi la sikelo la ana osafika zaka zisanu. Khadi la sikelo lili ndi ubwino wakuti lionetsa masiku a katemera ndi kulemera kwa mwana mwezi ndi mwezi, kotero kuti tsiku lobadwa lichirikizidwa ndi masiku ena ambiri olembedwa ndi manja osiyanasiyana. Wopempha chipatala kuti chifufuze m'buku akumbukire kuti bukulo linalembedwa m'dzina la mayi, osati la mwana, popeza mwana atuluka m'chipatala asanatchedwe dzina. Tsono apite ndi dzina limene mayi ake anali kudziwika nalo pa nthawiyo, mudzi wao, ndi mfumu yao.

Chachitatu ndi buku la ubatizo. Mamishoni ambiri anasunga mabuku ao bwino koposa maofesi ena, ndipo kwa anthu obadwa kumudzi kale ili ndilo pepala lakale koposa onse. Koma pali zinthu ziwiri zoti munthu achenjere nazo. Choyamba, tsiku la ubatizo si tsiku la kubadwa, ndipo anthu ambiri analakwitsa chitupa chao chifukwa chosokoneza masiku awiriwa. Chachiwiri, ubatizo wa khanda ulemera, koma ubatizo wa munthu wamkulu amene anadzera m'kalasi upepuka, chifukwa tsiku lobadwa analinena yekha. Ndiponso kakhadi ka ubatizo kongolembedwa kumene sikakwanira pakokha. Chofunika ndi kalata ya wansembe kapena mbusa yonena nambala ya buku, tsamba, ndi mzere pamene dzinalo lili, kuti mlembi wa Boma akafuna akaone yekha.

Chachinayi ndi buku lolembamo ana olowa sukulu, makamaka sukulu yoyamba. Umboni umenewu uli pakati, pakuti unalembedwa mwana ali ndi zaka 6 kapena 7, ndipo nthawi zambiri mphunzitsi anangoyerekeza. Okalamba akumbukira muyeso wakale wouza mwana kuti apitirize dzanja pamwamba pa mutu ndi kugwira khutu la mbali inayo: wogwira khutu ndiye wakwana kuyamba sukulu. Chaka cholembedwa mwa njira yotere chikhoza kuphonya ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Komabe buku la sukulu lithandiza kutseka malire, chifukwa mwana sangayambe Sitandade 1 ali ndi zaka ziwiri.

Pansi pa izi pali mapepala a munthu wamkulu: fomu yolowera ntchito, pasipoti yakale, kalata ya ukwati, laisensi yoyendetsera galimoto. Onsewa anachoka pakamwa pa mwini wake, koma aonetsa kuti munthuyo wakhala ali kunena tsiku limodzimodzi kwa zaka zambiri, asanadziwe kuti lidzakhala la mkangano.

Kalata yolumbira ndi mboni

Anthu ambiri aganiza kuti kalata yolumbira, imene ena aitcha afidaviti, ndiyo mankhwala a zonse. Athamangira kwa majisitireti kapena kwa loya wololedwa kulumbiritsa anthu, nalumbira kuti anabadwa tsiku lakutilakuti, nayesa kuti mlandu watha. Koma chidindo cha wolumbiritsa chitsimikiza chinthu chimodzi chokha, chakuti munthuyo anaonekera pamaso pake nalumbira. Sichitsimikiza kuti zimene analumbirazo nzoona. Ndiponso palibe munthu amene akumbukira kubadwa kwake, kotero kuti lumbiro la mwini nkhani pa tsiku lobadwa ndi mawu ongomva kwa ena.

Ntchito yeniyeni ya kalata yolumbira ndiyo kufotokoza m'mene cholakwa chinalowera, ndi kumanga pamodzi mapepala enawo. Inene tsiku lolakwika, tsiku loona, nthawi ndi malo amene chitupa chinatengedwa, amene analemba fomu, ndi chifukwa chake cholakwacho sichinaoneke msanga. Lumbiro lolemera pa za kubadwa ndi la munthu amene analipo: mayi, bambo, azakhali, amalume, kapena mkulu wake amene anali atazindikira kale. Mboni yocheperako zaka kuposa mwini nkhani siingachitire umboni za kubadwa kwake. Mboni ipite ndi chitupa chake, ndipo idziwe kuti kulumbira zabodza ndi mlandu umene munthu alowa nawo m'ndende. Kalata ya nyakwawa kapena mfumu nayonso ifunidwa kawirikawiri. Iyo itsimikiza kuti munthuyo ndi wa m'mudzimo ndi kuti makolo ake ndi akutiakuti, koma pa za tsiku ilemera pokhapokha mfumuyo ikunena zimene inaona.

Nkhalamba zambiri sizisunga zaka m'manambala, koma zisunga zochitika, ndipo mlembi wodziwa ntchito yake afunsa mwa njira imeneyo. Mayi akanena kuti mwana anali kumsana pa njala ya 1949, kapena kuti anali ndi pakati pamene Dokotala Banda anabwera pa 6 Julayi 1958, kapena kuti mwana anabadwa chaka chimene makwacha analowa m'malo mwa mapaundi, ndiye 1968 ku Zambia ndi 1971 m'Malawi, chaka chipezeka. Nyengo ithandiza kupeza mwezi: kodi kunali kubzala, chimanga chinali chachiwisi, kapena anthu anali kukolola? Njira imeneyi ipereka chaka ndi nyengo, koma siingapereke tsiku.

Ena afunsa ngati dokotala sangayeze zaka za munthu. Kwa mwana ndi mnyamata amene akali kukula, mano ndi chithunzi cha mafupa a dzanja zisonyeza msinkhu wake, koma mongoyerekeza, monga kunena kuti ali pakati pa zaka 14 ndi 16. Kwa munthu wamkulu amene mafupa ake anakhwima kale, kuyeza kumeneku sikungasiyanitse wa zaka 47 ndi wa zaka 52.

Chitsanzo cha mphunzitsi wa ku Dedza

Nachi chitsanzo chongoyerekeza chosonyeza m'mene muyeso uja ugwirira ntchito. Mphunzitsi wina wa m'boma la Dedza anabadwa pa 9 Ogasiti 1978, koma chiphaso chake cha unzika, chimene anatenga mu 2017, chinena 9 Ogasiti 1973. Iye sanasamale kufikira pamene a ku ntchito anayerekeza chiphaso ndi zolembedwa zao, napeza kuti zisiyana ndi zaka zisanu. Ogwira ntchito m'Boma la Malawi apuma pa zaka 60. Tsono ngati chiphaso chitsatidwa, iye adzapuma mu 2033 m'malo mwa 2038, ndi kutaya malipiro a zaka zisanu pamodzi ndi zopereka za penshoni za zakazo.

Iye anayamba ndi kupita ku ofesi ya kalembera kwa Bwanamkubwa, napempha kuti ayang'ane fomu yake. Fomu inapezeka. Anailemba ndi mnzake amene anali kuthandiza anthu pa mzere tsiku limenelo, ndipo nambala yotsiriza ya chaka inali yosatsekeka bwino, yokhoza kuwerengedwa 3 kapena 8. Mlembi ananena kuti fomu yotere siingagamule mlandu payokha, ndipo anapempha umboni wina.

Mphunzitsiyo anasonkhanitsa mapepala anayi. Khadi la sikelo linali litatayika kalekale, koma ku mishoni kumene anabatizidwa buku linalipo, ndipo linaonetsa ubatizo wa mu Okutobala 1978, wa mwana wobadwa pa 9 Ogasiti 1978, ndi maina a makolo ake. Buku la sukulu yake yoyamba linaonetsa kuti analowa Sitandade 1 mu 1985, koma pa chaka chobadwa panalembedwa 1979. Fomu yolowera ntchito ya mu 2002 inanena 1978. Chotsiriza chinali kalata yolumbira ya mayi ake.

Apa mapepala atatu anena zaka zitatu zosiyana: 1973, 1978 ndi 1979. Munthu wamantha akadabisa pepala la sukulu poopa kuti lisokoneza mlandu. Kumeneko kukadakhala kulakwa, chifukwa pepala lobisidwa likatulukira pambuyo pake liwononga chikhulupiriro cha mapepala onse. Iye analipereka, nafotokoza m'kalata yake kuti mphunzitsi wolemba anangochotsa zaka 6 pa 1985, napeza 1979. Kunena zoona pepalalo linamthandiza, pakuti 1979 ali pafupi ndi 1978 ndipo ali kutali ndi 1973. Buku la ubatizo ndilo linalemera koposa, popeza linalembedwa mwana ali ndi miyezi iwiri, zaka 39 chiphaso chisanatuluke.

Koma umboni umene unatseka pakamwa pa onse unachoka kwa abale ake. M'buku lomwelo la ubatizo munali mlongo wake wamkulu, wobadwa mu Januwale 1974 kwa mayi yemweyo. Kuchokera Ogasiti 1973 kufika Januwale 1974 ndi miyezi isanu yokha, ndipo mayi mmodzi sangabale ana awiri amoyo motalikirana miyezi isanu. Chotero 1973 sichinali chaka chokayikitsa chabe, koma chosatheka. Munthu aliyense wofuna kukonza chaka chake achita bwino kulemba mndandanda wa ana onse a mayi ake monga anabadwira, ndi zaka zao, pakuti mndandanda wotere nthawi zina ugamula mlandu umene mapepala ena alephera.

Kuyambira ku muzu

Umboni ukakwana, pali dongosolo la kakonzedwe. Mapepala a munthu ali ngati mtengo: kalata ya kubadwa ndiyo muzu, chitupa ndicho thunthu, ndipo pasipoti, laisensi, buku la banki ndi zolembedwa za penshoni ndizo nthambi. Wokonza nthambi muzu uli wolakwa agwira ntchito pachabe, chifukwa ofesi ya pasipoti idzamuuza kuti iyo ikopera pa chitupa, ndipo a banki adzanena chimodzimodzi. Ku Zimbabwe, kumene chitupa chikopedwa pa kalata ya kubadwa, munthu ayenera kuona poyamba ngati cholakwa chili pa kalatayo, ndipo ngati chilipo ayambe nayo. Munthu amene alibe kalata ya kubadwa konse ayamba ndi chitupa, ku ofesi ya kalembera ya m'boma lake.

Pa ofesipo wodandaula alemba fomu yosinthira zolembedwa, napereka chitupa cholakwikacho, mapepala enieni kuti mlembi awaone, ndi makope ake odindidwa kuti atsale. Mapepala enieni abwerere nawo kunyumba, ndipo asalole kuti kakhadi kokhako ka ubatizo kapena ka sikelo katsale m'mulu wa mapepala a ofesi. Pali malipiro a chitupa chatsopano, ndipo mtengo wake usintha nthawi ndi nthawi. Munthu alipire pa malo olipirira, natenge lisiti la Boma, nalisunge, chifukwa lisitilo ndilo umboni wakuti anapempha, ndiponso la tsiku limene anapempha. Kusintha chaka chobadwa kawirikawiri sikugamulidwa ndi mlembi wa pa windo. Pempho lipita kwa akuluakulu ake, ndipo nthawi zina ku likulu, kotero kuti yankho lichedwa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Pempho likakanidwa, wodandaula apemphe kuti chifukwa chake chilembedwe, pakuti kalata yokanayo isonyeza umboni umene ukusowa, ndiponso idzafunika ngati mlandu upita ku khoti, kumene kuli potsiriza pa zonse.

Chitupa chatsopano chikatuluka, ntchito siinathe. Ofesi ya kalembera siuza olemba ntchito, a penshoni kapena a banki kuti tsiku lasintha. Mwini wake ayenera kupita kwa onsewa mmodzimmodzi ndi kope la chitupa chatsopano ndi kalata yofotokoza. Adziwenso kuti olemba ntchito ambiri agwiritsa tsiku limene munthu ananena polowa ntchito, ndipo akayika pempho lililonse lofika pamene nthawi yopuma yayandikira. Mphunzitsi wa m'chitsanzo chija anali ndi mwayi pakuti fomu yake ya 2002 inali yoona. Wina amene ananena tsiku lolakwika polowa ntchito, nakhala chete zaka 30, adzavutika ngakhale chitupa chake chitakonzedwa.

Obadwira kunja

Pali anthu ambiri olankhula Chinyanja amene anabadwira m'dziko lina, makolo ao ali pa ntchito ku migodi ya Kitwe ndi Mufulira, ku malasha a ku Hwange, kapena m'mafamu a fodya a ku Zimbabwe. Kwa iwo umboni uli kumene anabadwira, osati kumene akhala. Buku la chipatala cha mgodi, buku la mpingo wa m'komboni, ndi ofesi ya kalembera ya dzikolo ndiwo malo ofunsako, ndipo mbale amene anatsala kumeneko akhoza kukatenga kalata m'malo mwao. Dziko limodzi silingakonze kalata ya kubadwa imene inaperekedwa ndi dziko lina. Amene ali ndi chitupa cha ku Joni adziwenso kuti manambala 6 oyamba a chitupa cha dziko limenelo ndiwo chaka, mwezi ndi tsiku lobadwa, kotero kuti kusintha tsiku kusinthanso nambala yonse, ndipo mapepala onse okhala ndi nambala yakale ayenera kukonzedwa.

Njira zoononga mlandu

Pali zinthu zitatu zimene munthu wothedwa nzeru achita, nasandutsa cholakwa chaching'ono kukhala mlandu wa polisi. Choyamba ndi kufufuta kapena kulembanso pa pepala lakale. Khadi la sikelo limene nambala yake yakandidwa ndi lumo lataya mphamvu yake yonse, ngakhale nambala yatsopanoyo ikhale yoona. Chachiwiri ndi kukalembetsanso ku boma lina monga munthu watsopano. M'Malawi makina a kalembera asunga zidindo za zala, ndipo munthu wolembetsa kawiri apezeka. Chachitatu ndi kupereka ndalama kwa munthu wa pakhonde la ofesi amene alonjeza kukonza zonse mawa. Chitupa chochokera kwa munthu wotere chikhoza kuoneka bwino m'manja, koma m'buku la Boma tsiku lakale likhalabe, ndipo kusiyanako kudzaoneka pa tsiku loipa koposa.

Mmera mpoyamba. Cholakwa chopezeka pa tsiku lolandira chitupa chikonzeka ndi fomu imodzi, mboni zikali moyo ndi mabuku akali osadyedwa ndi chiswe. Chotero womvera aliyense atulutse chitupa chake usiku uno, achiike pambali pa kalata yake ya ubatizo, khadi la sikelo ndi pasipoti, nawerenge tsiku, mwezi ndi chaka pa pepala lililonse. Achite chomwecho ndi mapepala a ana ake. Ndipo ngati mayi ake, azakhali kapena amalume akali moyo, awafunse lero za chaka ndi nyengo imene iye anabadwa, nalembe zimene anena, popeza mboni yotere ikapita palibe ofesi imene ingaibweze.